Pulasitala ikang'ambika, yambani mwaufunsa mchenga

Alamu anga anandiitana mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Chipata lili phwee, kuti ndikaone nyumba yawo yomwe anali atangoimata pulasitala. Panali patangotha masabata awiri. Nditafika ndinapeza khoma lonse la kumadzulo lili ming'alu yokhayokha, yaing'onoing'ono, yolukanalukana ngati pansi pa dambo madzi akaphwa. Ndinatenga kiyi wa njinga n'kukanda pang'ono, ndipo mchenga unangoti waa kuyoyokera pansi. Iwo anali atagamula kale mlandu. "Alamu, mnyamata uja wandibera simenti, palibenso china," anatero. Mmisiriyo anali pomwepo, nkhope ili pansi, akulumbira kuti pa thumba lililonse amathira mawilibala atatu monga anagwirizana. Matumba opanda kanthu anali mulu pakona, ndipo titawawerenga anakwana ndendende.

Ndinapita kuseri komwe kunali mchenga wotsala. Ndinatapa wonyowa pang'ono, n'kuufinya m'dzanja, n'kutambasula. Unatsala chibuma chokhala ndi zidindo za zala zanga, ndipo chikhatho chinali psuu ngati ndagwira katondo. Wakuba simenti uja anali m'muluwo.

Vuto limeneli ndalipeza kambirimbiri, ku Chipata kuno, ku Katete, ku Chadiza, ndipo nthawi zonse woyamba kunenedwa amakhala mmisiri, wachiwiri simenti. Mchenga suganiziridwa, chifukwa timati mchenga ndi mchenga basi. Koma mu daka ya pulasitala, pa magawo asanu ndi awiri alionse, asanu ndi limodzi ndi mchenga. Khoma lanu ndi mchenga womatidwa ndi simenti pang'ono. Mchengawo ukakhala woipa, simenti singauwombole.

Musanaunene mchenga, onani mng'aluwo bwinobwino

Si mng'alu uliwonse umene umachokera ku mchenga, ndipo si bwino kutaya tipa yathunthu pa mlandu wa maziko. Mng'alu umodzi waukulu, woyenda chopingasa kuchokera pakona ya zenera kapena ya chitseko, kapena wotsika ngati masitepe motsata mizere ya njerwa, umenewo ndi wa khoma lenilenilo. Kawirikawiri maziko akutitimira mbali imodzi, ndipo mukaunguza mkati mwa nyumba muupeza pamalo omwewo. Pulasitala ikamamveka phwephwe ngati ng'oma mukaigogoda, koma iyo yokha ili yolimba, ndiye kuti sinagwirane ndi khoma: mwina khomalo linali lafumbi, mwina louma kwambiri, mwina anamata yochindikala nthawi imodzi. Zoyera ngati mchere zotuluka m'munsi mwa khoma ndi nkhani ya chinyezi.

Mchenga wa dothi uli ndi zizindikiro zake. Ming'alu imakhala yambiri, yopyapyala, yozungulira tizigawo tonga chikhatho kapena tocheperapo, ndipo imafalikira khoma lonse mosasamala kuti mizere ya njerwa ili pati. Imayamba kuoneka masiku oyambirira, n'kumawonjezeka pamene khoma likuuma. Mukapukuta ndi dzanja, dzanja limatuwa mbuu. Msomali umalowa mosavuta. Mtundu wa pulasitalayo sukhala wotuwa ngati simenti, umapendekera ku kufiira kapena ku chikasu. Nthawi zina mumapeza timaenje tonga ta nthomba, ndipo mukatokosa mkati mwake mumapeza kachibuma ka dongo.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimafanana nazo kwambiri, ndipo kuno n'chofala: pulasitala yomatidwa masana a Okutobala, pa khoma loyang'ana dzuwa, osathiriridwa. Nayonso imang'ambika ndi kufumbutuka ngakhale mchenga uli wabwino, chifukwa simenti imafuna madzi kuti ilimbe, ndipo dzuwa ndi mphepo zawalanda msanga. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Zungulirani nyumba. Ngati makoma a mkati ndi a kumthunzi ali bwino, vuto ndi kuuma msanga. Ngati ndi m'chipinda momwe muli ming'alu yomweyo, pitani ku mulu wa mchenga. Kwa alamu anga, ndi m'chipinda chogona momwe munali chimodzimodzi.

Chimene dothi limachita mkati mwa daka

Mchenga weniweni ndi timiyala. Njere zake mumaziona ndi maso, ndipo mukazitikita pakati pa zala zimakanda. Zazing'ono kwambiri zimathera pafupifupi pa mamilimita 0.06. Pansi pa pamenepo pali fumbi losalala ngati ufa woyera, lija limatsala pamwamba pa mchenga madzi osefukira akaphwa. Pansi pakenso, kuchepera mamilimita 0.002, pali dongo, lomwe njere zake sizioneka konse, ndipo likanyowa limanamatira ngati la mbiya. Ziwirizi, fumbi ndi dongo, ndizo ndikuzitcha dothi m'nkhani ino. Zonse zimawononga, koma dongo ndilo loopsa kwambiri.

Ntchito ya simenti ndi madzi ndi kupanga phala lomwe limakuta njere iliyonse ya mchenga n'kuimata kwa inzake. Tsopano taganizirani njere imodzi ya milimita imodzi. Mukaiphwanya kukhala tinjere ta fumbi ta mamilimita 0.01, mupeza tinjere miliyoni imodzi. Kulemera n'komweko, koma malo oti phala likute achuluka ka 100. Amayi akudziwa izi kukhitchini: mbale ya mphale imanyowa ndi madzi pang'ono, koma mbale yomweyo ya ufa imamwa madzi ambiri. Ndiye dothi likachuluka mu mchenga, simenti ya thumba limodzi ija imamwazika, imapita kokakuta fumbi, ndipo yotsalira kumata njere zenizeni imachepa. Mmisiri sanabe kanthu, koma daka ikuchita ngati yabedwa.

Chachiwiri chimatsatira pomwepo. Daka ya mchenga wotere imauma pa fosholo, ndiye wosakaniza amawonjezera madzi kuti ifewe, kenako amawonjezeranso. Simenti imagwiritsa ntchito madzi ochepa chabe pa kulimba kwake. Otsalawo amakhala m'kati kudikira dzuwa, ndipo akachoka amasiya timipata tosaoneka paliponse pomwe anali. Pulasitala yodzaza timipata ndi yofooka, imamwa mvula, ndiponso imanyala pouma. Koma kumbuyo yagwirana ndi khoma, singasunthe, ndiye imadzing'amba yokha m'tizigawo. Dongo limawonjezera moto pamenepa, chifukwa ilo mwachibadwa limafufuma likanyowa n'kunyala likauma. Dambo la makande limang'ambika chaka ndi chaka pa chifukwa chomwechi. Mukamata dambo pa khoma, lidzachita zomwe limachita kudambo.

Chachitatu anthu ambiri sachidziwa. Dongo silikhala lomwazika pakati pa njere pokha, limamatiriranso pa njerezo ngati chikopa chopyapyala. Simenti ikabwera imagwira chikopacho, osati mwala. Zili ngati kupaka penti pa khoma lafumbi: pentiyo yagwira fumbi, ndipo fumbilo silinagwire kanthu. N'chifukwa chake pulasitala yotere imayoyoka njere imodziimodzi mukaikanda. Tizibuma ta dongo tomwe sitinasungunuke posakaniza timakhala mkati ngati mabowo, ndipo tomwe tili pafupi ndi pamwamba timafufuma mvula ikadza n'kuphulitsa timaenje tija.

Chifukwa chake amisiri amaukonda

Apa ndiyenera kuwaikira kumbuyo anzanga, chifukwa nanenso ndinagwirapo mpeni womangira zaka zambiri. Mchenga wa kudambo umakoma kuugwiritsa ntchito. Daka yake imakhala yonona, imamatirira pa mpeni, ukaiponya pa khoma imangoti nga, yosagwa, ndipo posalaza imatuluka see ngati galasi. Mchenga wa kumtsinje wotsukika bwino, makamaka wa njere zikuluzikulu zofanana, ndi waukali. Daka yake imathothoka pa mpeni, madzi amayandama pamwamba, theka la yomwe waponya limagwera pansi, ndipo dzanja limatopa. Munthu wolipidwa pa chipinda adzasankha wonona, ndipo sakunama akamati ndi wabwino. Ndi wabwinodi tsiku lomata. Kuipa kwake kumaoneka iye atalandira kale ndalama.

Choncho tinjere tosalala pang'ono n'tofunika mu daka yomangira ndi ya pulasitala. Sitikufuna mchenga wopanda fumbi ndi pang'ono pomwe. Tikufuna kudziwa kuti lilimo lochuluka bwanji, ndiponso ngati ndi fumbi chabe kapena dongo. Maso sangakuuzeni zimenezo, makamaka mchenga ukauma, chifukwa wouma wonse umaoneka woyera.

Kuyesa kwa dzanja, tipa isanakhuthule

Galimoto ikafika, uzani dalaivala adikire kaye. Kwerani, fukulani mpaka m'chigongono pamalo atatu kapena anayi, chifukwa olongedza ena amaika wokongola pamwamba. Nyowetsani pang'ono, finyani, tambasulani. Mchenga wabwino umagwirana pang'ono koma mukaukhudza ndi chala umamwazika. Wa dongo umatsala chibuma cholimba. Kenako utikiteni pakati pa zikhatho n'kukutumula. Chikhatho chikatsala ndi tinjere chabe, zili bwino. Chikatsala chothimbirira, choterera, mpaka kufuna madzi kuti chiyere, muli dothi lambiri.

Tengani wina wonyowa muyese kuupota ngati chingwe pa chikhatho. Mchenga sungapoteke. Fumbi limayamba ngati livomera koma limaduka msanga. Chikapoteka mpaka kupyapyala ngati kamtengo ka machesi osaduka, limenelo ndi dongo, ndipo ine mchenga wotere sindiulandira pa pulasitala.

Mukuyang'ana choncho, onaninso zina ziwiri. Mchenga wakuda bii, wonunkha chinyontho, wokhala ndi timizu ndi masamba owola, umachedwetsa kulimba kwa simenti, nthawi zina daka imakhalabe yofewa mawa lake. Wina umanyezimira ndi tizipepala tong'anima ngati mamba a usipa. Tikachuluka, natonso timamwetsa daka madzi ambiri.

Kuyesa kwa botolo

Uku ndiko kumathetsa mkangano, chifukwa aliyense amadzionera yekha. Pezani botolo loonekera mkati, lowongoka m'mbali, la pansi pathyathyathya, longa la mayonezi kapena la chiponde cha m'sitolo. Mabotolo a zakumwa okhala ndi timiyendo pansi amasokoneza muyeso. Sungunulani supuni yaing'ono imodzi ya mchere mu theka la lita ya madzi oyera. Mcherewo umasonkhanitsa tinjere ta dongo kuti titsike msanga, chifukwa popanda iwo madzi angakhale ofiira mpaka mawa. Thirani madzi pang'ono m'botolo, kenako mchenga kufika masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi, kenako madzi ena kuti apitirire mchengawo ndi masentimita atatu kapena kuposerapo. Mchengawo ukhale monga wabwerera, musauyanike, chifukwa dongo likauma limakakamira pa njere ndipo silichoka msanga pokhutchumula.

Tsekani, khutchumulani mwamphamvu kwa mphindi yathunthu, motembenuza botolo, kenako liikeni pamalo osapendekeka. Musalikhudzenso kwa maola atatu. Mchenga umatsika nthawi yomweyo. Fumbi limatsika pambuyo pake, dongo pomalizira, ndipo zimasanjikana pamwamba pa mchenga ngati mkaka wogona, mzere wake wooneka bwino. Tengani rula. Yezani msinkhu wa mchenga, yezaninso msinkhu wa dothi la pamwamba. Gawani wa dothi ndi wa mchenga, n'kuchulukitsa ndi 100.

Kwa alamu anga mchenga unali mamilimita 50, dothi mamilimita 9. Zimenezo ndi 18 pa 100 alionse. Muyeso womwe ambiri pa ntchito yomanga amautsata ndi wakuti dothi lisapitirire 8 pa 100, ndipo pa konkire ndi pa mabuloko pamenepo m'posanyengerera. Ine pa pulasitala ndimachita chonchi: likafika 6, ndimalandira mosakayika. Pakati pa 6 ndi 10 ndimathira madzi pansi mosamala, n'kutapa dothilo ndi chala, n'kulipota. Likakhala fumbi loduka, mchengawo ndimamangira, ndipo pulasitala ndimayamba ndayesa pa kachigawo. Likakhala dongo lokhalokha, ayi. Kupitirira 10, mchengawo suyandikira khoma usanakonzedwe.

Mmisiri uja analiyang'ana botololo nthawi yaitali. Kenako anati, "Bambo, ine ndimaona kuti daka ikumwa madzi kwambiri, koma ndimati ndi dzuwa." Alamu anga sanayankhe, anangomupatsa mpando.

Botolo lili ndi malire ake. Dothi longotsika kumene limakhala lotakasuka, ndiye muyeso wake umaoneka waukulu kuposa kulemera kwake kwenikweni. Musayerekeze nambala ya m'botolo ndi ya ku labotale komwe amasefa ndi kuyeza pa sikelo. Ndiponso botolo limodzi limanena za dzanja limodzi la mchenga. Tapani pamalo angapo, sakanizani, ndipo yesani tipa iliyonse, ngakhale wogulitsa ali yemweyo, chifukwa dzenje la lero si la sabata yatha.

Kuyesa ludzu la mchenga

Ngati nyumba ndi yaikulu ndipo mukufuna kutsimikiza, pali kuyesa kwina komwe kumaloza pa mtima pa vutoli. Bwerekani sikelo yopachika, yonga ya ogula soya ndi mtedza. Yezani makilogalamu 5 a simenti ndi makilogalamu 25 a mchenga, koma pano wouma bwino. Sakanizani pamalo osamwa madzi, monga pa lata kapena m'wilibala, mpaka mtundu ufanane. Thirani malita 5 a madzi, sakanizaninso. Daka ikafewa kufika poti mmisiri angaimate, mchengawo ndi wabwino. Ikafuna lita ina imodzi, ndi wapakatikati, ungagwire ntchito. Ikafunanso lita ndi theka pamwamba pake, kukwana malita 7.5, ndi woipa. Kupitirira apo musataye nawo simenti. Wa alamu anga unamwa malita 7.5 onse, daka ikadali yolimbirako.

Kumene dothi limalowera

Mitsinje yathu, Lutembwe, Msandile ndi timifuleni totsika m'mapiri ozungulira Chipata, imanyamula madzi ofiira a m'minda nthawi ya dzinja, ndipo yambiri imaphwa m'chilimwe n'kusiya mchenga. Koma mtsinje umodzi womwewo uli ndi mchenga wosiyanasiyana. Pomwe madzi ankathamanga, fumbi linakokoloka ndipo panatsala njere zoyera. Pomwe madzi ankadikha, m'maiwe ndi m'mphepete, fumbi linakhazikika, ndipo mumaliona ngati chikhungwa chong'ambika pamwamba. Wolongedza wosamala amayamba wapala chikhungwacho n'kutaya. Wothamangira kudzaza galimoto amakumba pafupi ndi pomwe yaima, ndi gombe lomwe, ndipo amakubweretserani dothi la m'munda wa munthu n'kumati ndi mchenga wa kumtsinje. Wa kudambo ndi wa m'maenje umakhala m'mizeremizere: pamwamba dothi lakuda la mizu, pakati mchenga woyererako, pansi dongo. Fosholo ikangotsika pang'ono yalowa m'dongo. Wokokoloka m'misewu ndi m'ngalande mvula ikagwa, womwe ana amaunjika m'mbali mwa njira, umaoneka wosalala bwino koma kawirikawiri ndi fumbi lokhalokha.

Dothi lina timaliwonjezera tokha. Mchenga wakhuthulidwa pa katondo, wosakaniza akupala mpaka pansi kuti asataye kanthu, ndipo mawilibala omalizira ndi theka dothi. Daka ikusakanizidwa pa nthaka. Madzi akutungidwa m'chithaphwi. Yalani pulasitiki yochindikala kapena malata akale musanakhuthule, kapena siyani mchenga wa pansi wokwana chikhatho kuti udzagwire ntchito yokwirira.

Mchenga woipa uli kale pabwalo, nditani

Choyamba chomwe aliyense amanena ndi kuwonjezera simenti. Musatero. Simenti yowonjezera ingalimbitse daka pang'ono, koma siichotsa dongo pa njere, ndipo daka ya simenti yambiri imanyala kwambiri pouma. Ming'alu imachepa chiwerengero koma imakula. Mwalipira kawiri kuti mugule vuto lina. Sefa nayonso sithandiza pa ichi. Imachotsa miyala, mizu ndi zibuma, zomwe ndi bwino kuzichotsa, koma fumbi ndi dongo zimadutsa pa mabowo mosavuta kuposa mchenga weniweniwo.

Njira yomwe imagwira ntchito kawirikawiri ndi kusakaniza ndi mchenga woyera wa kumtsinje, koma moyeza, osati mongoponya mafosholo. Kwa alamu anga tinaitanitsa ngolo ziwiri za wa kumtsinje, ndipo botolo linaonetsa mamilimita 2 a dothi pa 60 a mchenga, pafupifupi 3 pa 100. Tinawerengera pansi ndi kamtengo. Mawilibala awiri a woyera ndi imodzi ya wakale: 3 ndi 3 ndi 18 ndi 24, kugawa patatu, 8. Pamenepo m'pamalire penipeni, ndipo popeza dothilo linali ndi dongo, sindinakhutire. Atatu a woyera ndi imodzi ya wakale: 27 kugawa panayi, pafupifupi 7. Tinasakaniza choncho, mchenga wokhawokha wopanda simenti, kutembenuza katatu, n'kuyesanso m'botolo: mamilimita 4 pa 58. Pouyesa ludzu unamwa malita 6. Daka yake inali yogwira pa mpeni ndithu, chifukwa wakale uja unabweretsa kunona komwe wa kumtsinje unalibe. Wotsala wa mulu wakalewo tinakwirira nawo pansi pa khonde.

Kutsuka n'kotheka, koma kumadya madzi ndi nthawi. Mumathira mchenga kufika limodzi mwa magawo atatu a dilamu, n'kudzaza madzi, n'kuvundula ndi fosholo, n'kukhuthula madzi ofiirawo msanga dothi lisanakhazikike, kubwereza mpaka madzi ayere. Pa mawilibala ochepa omalizira ntchito, kapena ngati muli pafupi ndi mtsinje, chitani. Pa tipa yathunthu, madzi ogula pa chigubu, n'chapafupi kugula mchenga wina. Mukatsuka, kumbukirani kuti mchenga wachinyezi umafufuma, nthawi zina ndi limodzi mwa magawo anayi, ndiye wilibala yodzaza imakhala ndi mchenga wochepa kuposa momwe ikuonekera. Ulekeni utsanuke tsiku limodzi kapena awiri.

Musanamate nyumba yonse ndi mchenga wosakaniza kapena wotsuka, matani kachigawo ka mita imodzi mbali zonse, pa khoma lomwe limaombedwa dzuwa kwambiri. Kathirireni monga mudzachitire ndi nyumba yonse, n'kudikira sabata. Kandani ndi msomali, gogodani, yang'anani ming'alu.

Khoma lomwe lawonongeka kale

Zimatengera kulimba kwa pulasitalayo, osati kuchuluka kwa ming'alu. Ngati msomali ukungosiya kamzere koyera osalowa, ndipo pogogoda pakumveka gwa paliponse, pulasitalayo ingakhale. Ilekeni iume n'kumaliza kunyala, milungu inayi kapena kuposerapo, kenako tsekani ming'alu ndi phala logula lotsekera ming'alu musanapake penti. Mukathamangira kutseka ikadali kunyala, ming'alu idzatulukanso pa penti.

Ngati msomali ukulowa ndipo mchenga ukuyoyoka, palibe mankhwala. Ena amapaka phala la simenti ndi madzi pamwamba, ndipo limaonekadi bwino miyezi ingapo, koma lagwira pa chinthu chofumbutuka, ndipo limadzasupuka ngati chikhungwa pamodzi ndi penti yanu. Gumulani mpaka pa njerwa, sesani ndi bulashi yolimba, tsukani fumbi. Kwa alamu anga tinagumula pulasitala ya makoma onse akunja ndi ya zipinda ziwiri. Zinali zowawa kuona matumba aja akusanduka zinyalala, ndipo sindinawauze kuti n'zochepa.

Pulasitala ikachoka, yang'anani daka ya pakati pa njerwa, chifukwa kawirikawiri inachokera pa mulu womwewo. Ngati ndi yofewa kunja kokha koma mkati msomali ukukana, tokosani kuya masentimita awiri n'kudzazamo daka yabwino. Ngati njerwa ya pamwamba mungaizule ndi manja, daka n'kutsala ngati ufa, khomalo silinganyamule denga modalirika pa mphepo ya mvula zoyamba, ndipo mbali imeneyo iyenera kumangidwanso. Mwamwayi, kwa alamu anga pomanga makoma anagwiritsa ntchito mchenga wina, ndipo tinapeza mizere ili yolimba.

Pomatanso tinasunga muyeso womwe uja, thumba limodzi la makilogalamu 50 pa mawilibala atatu osefula, osati a phiri. Wilibala ya omanga imalowa malita pafupifupi 65, ndipo matumba awiri a simenti amadzaza imodzi, ndiye amenewo ndi magawo asanu ndi limodzi a mchenga pa limodzi la simenti. Khoma tinalinyowetsa madzulo ndi m'mawa, koma pomata linali lachinyezi chabe, losachucha. Kuchindikala sikunapitirire mamilimita 15 pa ulendo umodzi. Tinkasakaniza yokwana ola limodzi, ndipo daka yoyamba kulimba sitinaidzutse ndi madzi. Ndinamuletsa mmisiri kusalaza kwambiri ndi mpeni wachitsulo, chifukwa kutero kumakokera madzi ndi fumbi pamwamba, n'kupanga kachikopa komwe kamang'ambika timing'alu tonga tsitsi. Thabwa lopukutira linakwanira. Khoma la kumadzulo tinalimata m'mawa, n'kupachikapo masaka onyowa, ndipo mwana wa alamu anga anapatsidwa ntchito yothirira katatu pa tsiku kwa masiku asanu ndi awiri.

Ndinadutsako mvula itatha, mwezi wa Meyi. Ndinakanda ndi kiyi yemwe uja pakona ya kumadzulo, ndipo panangotsala kamzere koyera. Mmisiri yemweyo anali kuseri akumanga khitchini, ndipo pa zenera panali mabotolo atatu a mayonezi, lililonse ndi kapepala kolembapo tsiku lomwe ngolo inabwera.